Bitikoyini, dola, golide kapena chimanga: n'chiti chimateteza ndalama mitengo ikamakwera?

Kwacha itagwa kumayambiriro kwa Novembala 2023, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi wokha, mlamu wanga wa ku Joni ananditumizira uthenga m'mamawa ndisanamwe n'komwe tiyi. "Alamu, mwaonatu. Ndinakuuzani kale kuti muike mu bitikoyini. Ija palibe boma lingaigwetse." Pansi pa mawuwo panali chithunzi cha mzere wobiriwira wokwera phiri. Sindinamutsutse tsiku limenelo, chifukwa masamu anali kumbali yake: amene anagula bitikoyini chaka chimodzi m'mbuyomo anali atapha makwacha. Koma ndinkakumbukiranso kuti mlamu yemweyo anakhala chete chaka chonse cha 2022, osatchulako bitikoyini ngakhale kamodzi. Zaka ziwiri zimenezi, cha chete ndi cha phokoso, ndiye nkhani yonse.

Chimene okhulupirira bitikoyini amanena

Mfundo yawo si yopusa, ndipo ndi bwino kuimva bwinobwino tisanaigwedeze. Ndalama ya boma lililonse ilibe malire a kuchuluka kwake. Boma likasowa ndalama limatha kukongola ku banki yake yaikulu, ndalama n'kuchuluka m'manja mwa anthu pamene shuga, mafuta ndi feteleza sizinachuluke. Zikatero mitengo imakwera, ndipo amene anasunga ndalama m'buku la ku banki amaberedwa popanda wakuba wooneka. A ku Zimbabwe safunika kuwafotokozera: kumayambiriro kwa 2009 anagwira pepala la madola 100 thililiyoni limene linkavutika kugula ndiwo.

Bitikoyini, ndalama ya pa intaneti yopanda pepala, inayamba kugwira ntchito pa 3 Januwale 2009, dziko lili m'kati mwa mavuto a mabanki, ndipo amene anailemba, wodzitcha Satoshi Nakamoto, anaika lamulo la kuchuluka kwake m'pulogalamu momwemo. Pafupifupi mphindi khumi zilizonse tsamba latsopano limawonjezedwa m'kaundula wa bitikoyini, ndipo amene makina ake alemba tsambalo, omwe amatchedwa okumba, amalipidwa mabitikoyini atsopano. Poyamba malipiro anali 50 pa tsamba. Akakwana masamba 210,000, zomwe zimatenga zaka zinayi, malipirowo amadulidwa pakati: 25 mu 2012, 12.5 mu 2016, 6.25 mu 2020, ndipo kuyambira Epulo 2024 ndi 3.125. Mukaphatikiza 50, 25, 12.5 ndi theka la theka mpaka kumapeto, simupitirira 100, ndiye 210,000 kuchulukitsa ndi 100 ndi 21 miliyoni. Apo ndi pomwe nambala yotchuka ija imachokera. Opitirira 19 miliyoni anatuluka kale, ndipo atsopano akubadwa pafupifupi 450 pa tsiku, zomwe pa chaka sizifika ngakhale peresenti imodzi ya omwe alipo. Golide amene amakumbidwa chaka chilichonse amawonjezera zambiri kuposa pamenepo.

Palibe nduna ya zachuma imene ingaimbe foni n'kulamula kuti asindikize ena. Kuti lamulo la 21 miliyoni lisinthe, anthu zikwizikwi amene amayendetsa pulogalamuyi pa makompyuta awo ayenera kuvomera kusintha kumene kungachepetse chuma chawo chomwe. Pamenepo ndikuvomereza, mpandawo ndi wolimba.

Pamene chingwe chimadukira

Chovuta n'chakuti kuchepa kwa chinthu kumangokuuzani mbali imodzi ya mtengo. Mbali inayo ndi ogula: alipo angati, ndipo akufunitsitsa bwanji lero? Pulogalamu ya Nakamoto imalamulira kuchuluka kwa bitikoyini, koma ilibe mphamvu pa mitima ya ogula. Chimanga chili ndi ogula amene sangaleke, chifukwa mimba simva kuti dikira. Nyumba imabala lendi. Kampani imagawa phindu kwa eni masheya. Bitikoyini sibala kanthu, ndipo palibe amene amakakamizidwa kuigula. Mtengo wake mawa ndi umene munthu wina adzafune kulipira mawa, basi.

Mayeso enieni anabwera mu 2022, ku Amereka, kumene kuli ogula aakulu kwambiri. Mitengo ya zinthu kumeneko inakwera ndi 9.1 peresenti m'miyezi khumi ndi iwiri yofika Juni 2022, zimene zinali zisanaoneke kwa zaka makumi anayi. Ngati bitikoyini inali ambulera, mvula yake inali imeneyo. Koma mu Novembala 2021 bitikoyini imodzi inafika pafupifupi madola 69,000, ndipo mu Novembala 2022 inatsika mpaka kuchepera madola 16,000. Pa madola anayi alionse, atatu anasungunuka, m'chaka chomwecho chimene buledi ndi petulo zinkakwera. Amene anasunga madola ake pansi pa matilesi anataya mphamvu yogulira yosafika 10 peresenti. Amene anathawira ku bitikoyini anataya yopitirira 70 peresenti.

Chifukwa chake chimadziwika. Pofuna kuthana ndi kukwera kwa mitengo, banki yaikulu ya Amereka inayamba kukweza chiwongoladzanja mu Malichi 2022, kuchoka pafupi ndi ziro mpaka kupitirira 5 peresenti pofika pakati pa 2023. Chiwongoladzanja chikakwera, munthu wandalama amaona kuti angapeze phindu lotsimikizika pongobwereketsa boma, ndiye amagulitsa zinthu zongoyembekezera, zosabala kanthu lero. Masheya a makampani a zaukadaulo pa msika wa Nasdaq anagwa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu chaka chimenecho. Bitikoyini inayenda nawo njira yomweyo, kungoti inathamanga kuwirikiza. Inachita ngati sheya ya kampani yaing'ono yoika moyo pachiswe, osati ngati nkhokwe.

Okhulupirira ali ndi yankho, ndipo si lachabechabe. Amati bitikoyini siyankha mitengo ya m'sitolo, imayankha kusindikizidwa kwa ndalama, ndipo imatsogola. Mu 2020, nthawi ya Kovidi, madola oyenda m'chuma cha Amereka anachuluka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi m'chaka chimodzi, ndipo bitikoyini inachoka pa madola pafupifupi 5,000 mu Malichi 2020 kufika pamwamba pa 60,000 mu Epulo 2021. Ndiye amati inagwira kale ntchito yake mitengo isanayambe kukwera. Zoona zake zilipo. Koma taonani chimene avomereza ponena zimenezo: kuti bitikoyini imakwera ndalama zikakhala zosavuta kukongola, n'kugwa mabanki akamanga lamba. Mabanki amamanga lamba nthawi iti? Nthawi yomwe mitengo yakwera. Ndiye kuti chinthu ichi chimakusiyani pa nthawi yeniyeni imene munachigulira.

Yankho lawo lina ndi lakuti dikirani zaka zinayi kapena kupitirira. Pofika kumapeto kwa 2024, amene anadikira anali atapindula: bitikoyini inabwerera pa 69,000 mu Malichi 2024, n'kudutsa madola 100,000 mu Disembala chaka chomwecho. Sindikutsutsa. Koma mbiri yake yonse ndi zaka zosakwana makumi awiri, ndipo m'zaka zimenezo kukwera mitengo kwakukulu ku mayiko olemera kwachitika kamodzi kokha, ndipo kamodziko inalakwa mayeso. Kukwera kwake kwina konse kunachokera ku kubwera kwa ogula atsopano, monga pamene Amereka inalola mathumba a bitikoyini ogulitsidwa pa msika wa masheya mu Januwale 2024. Chinthu chimene chakwera maulendo mazanamazana pamene mitengo ya m'sitolo sinawirikize n'komwe kawiri sichikutsata mitengo ya m'sitolo. Chikutsata china, ndipo chinacho chimatha kubwerera m'mbuyo.

Tiyeni tiwerengere K2,000,000

Ndigwiritsa ntchito mitengo ya ku banki ndipo ndizungulitsa manambala, osawerengera zolipira pogula ndi pogulitsa.

Mayi wina wagulitsa soya ndipo ali ndi K2,000,000 pakati pa Novembala 2021, yoti adzalipirire mwana ku koleji chaka chamawa. Dola ili pafupifupi K820, ndiye ndalama yake ndi madola 2,440. Bitikoyini ili pa madola 65,000. Akagula, n'kudzagulitsa mu Novembala 2022 pa madola 16,500, amatsala ndi madola 620. M'kati mwa chakacho kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, dola n'kufika pafupifupi K1,030, ndiye madola 620 aja amamupatsa K640,000. Akanasunga madola enieniwo akanakhala ndi K2,500,000. Akanangosiya makwacha m'chikwama akanakhalabe ndi K2,000,000, yoonda ndithu koma yolipirako teremu.

Tsopano mng'ono wake, ndalama yomweyo, koma iye wagula mu Novembala 2022. K2,000,000 pa K1,030 ndi madola 1,940. Pofika kumapeto kwa Novembala 2023 bitikoyini yachoka pa 16,500 kufika pafupifupi 37,000, ndiye madola ake ndi 4,350. Kwacha yagwanso, dola ili pa K1,700. Ali ndi K7,400,000. Uyu ndiye munthu wa pa chithunzi cha mlamu wanga.

Koma tiyeni timusende. Akanasunga madola wamba akanakhala ndi K3,300,000. Kuchoka pa 2,000,000 kufika pa 3,300,000 ndiye chitetezo chenicheni ku kugwa kwa kwacha, ndipo chimenecho chinachokera ku dola, poti mtengo wa bitikoyini umapangidwa m'madola pa misika yakunja. Zotsalazo, kuchoka pa 3,300,000 kufika pa 7,400,000, ndi mwayi wa tsiku limene anagula. Mkulu wake anali ndi chitetezo cha dola chomwecho, koma tsoka la tsiku linachimeza chonse. Munthu wa m'dziko la ndalama yofooka akagula bitikoyini amakhala wagula zinthu ziwiri zomangidwa pamodzi, dola ndi juga, ndipo zikayenda bwino amathokoza juga pa ntchito imene inagwiridwa ndi dola.

Kamfundo kapambali: ija timati kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu 2023, kwenikweni ndi mtengo wa dola umene unakwera ndi 44 peresenti. Kwacha iliyonse inataya pafupifupi 30 peresenti ya madola amene inkagula. Kupweteka n'komweko, koma powerengera zotayika ndi bwino kudziwa nambala imene mwagwira.

Dola, ya pepala ndi ya pa foni

Ngati vuto lanu ndi kwacha, mpikisano weniweni wa bitikoyini ndi dola. Nayonso imadyedwa ndi kukwera kwa mitengo ya kwawo, koma m'chaka chake choipitsitsa cha posachedwapa inataya 9 peresenti, osati 75. N'chifukwa chake ku Argentina, kumene mitengo inakwera ndi 211 peresenti mu 2023, ndi ku Turkey, kumene inadutsa 85 peresenti mu Okutobala 2022, anthu ambiri olowa m'misika ya ndalama za pa intaneti amathamangira USDT ndi USDC, ndalama zomangiriridwa ku dola imodzi, kuposa bitikoyini. Anthu amene moto ukuwaotcha anasankha okha.

Zovuta zake n'zodziwika kwathu kuno. Ku banki madola sapezeka, ndipo akapezeka amafuna zikalata za chimene mukukalipira. Kuseri mtengo wake ndi wina, wokwera kwambiri, ndipo malamulo a ndalama zakunja sakuvomerezani kumeneko. Kumbukiraninso kuti wogula bitikoyini kapena USDT ndi makwacha amagula kwa munthu mnzake, amene amawerengera mtengo wakuseri womwewo. Ndiye kugwa kwa kwacha kumene aliyense akukuyembekezera mumakhala mwakulipira kale pakhomo polowa. USDT ndi USDC nazonso ndi lonjezo la kampani kuti ili ndi dola ya ndalama iliyonse imene yatulutsa. USDC inatsika kufika pafupifupi masenti 87 kwa masiku ochepa mu Malichi 2023, banki ina yosunga chuma chake itagwa. Ina yotchedwa TerraUSD, imene inalibe madola enieni kumbuyo kwake, inafa psiti mu Meyi 2022.

Golide

Bitikoyini amakonda kuitcha golide wa pa kompyuta, koma mu 2022 awiriwa sanafanane: golide anayamba chaka ali pa madola 1,800 ndi kanthu pa aunsi, n'kumaliza ali pomwepo. Sanapindulitse, koma sanaphe munthu. Ali ndi ogula amene bitikoyini ilibe ochuluka chotero: osula mphete ndi mikanda ku India ndi China, komanso mabanki aakulu a mayiko. Komabe ngakhale iye ndi mtetezi wa ulesi. Anafika madola 850 mu Januwale 1980, n'kutsika mpaka kuchepera 300 kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo sanabwerere pa 850 mpaka 2008. Zaka 28, mitengo ikukwera chaka ndi chaka. Ngati chinthu chosowa chimene anthu achikhulupirira kwa zaka zikwi chingagone chonchi, kusowa pakokha si chikole. Ndipo munthu wamba kuno golide woyengedwa, wa chikalata, akamugula kuti? Wa m'botolo la pa msika uja nthawi zambiri ndi mkuwa.

Kubwereketsa boma

Iyi ndi njira ya anthu osafuna phokoso: mapepala a ngongole ya boma a masiku 91, 182 kapena 364, ogulidwa kudzera ku banki kapena kwa ogulitsa masheya. Mumadziwiratu ndalama imene mudzalandira ndi tsiku lake. Mu 2024 chiwongoladzanja chachikulu cha banki ya Reserve chinali 26 peresenti, ndipo pepala la masiku 364 linkapereka cha pomwepo, pamene mitengo inkakwera kupitirira 30 peresenti kwa miyezi yambiri ya chakacho. Mukachotsa msonkho wa pa chiwongoladzanja, mumatsalirabe m'mbuyo. Ndiye ndi chidebe chodontha, koma chodontha pang'onopang'ono ndiponso modziwika. Chitetezo chenicheni cha mtundu uwu chili ku mayiko monga Amereka ndi Britain, kumene boma limagulitsa mapepala omangiriridwa ku muyeso wa mitengo: mitengo ikakwera ndi 8 peresenti, ngongole ya boma kwa inu imakweranso chomwecho. Ku Amereka mapepala otchedwa I bonds analipira 9.62 peresenti pa chaka kwa ogula pakati pa Meyi ndi Okutobala 2022. Mawu akuti chitetezo ku kukwera kwa mitengo amatanthauza zimenezo, kuti lonjezo lalembedwa m'pangano. Bitikoyini ilibe pangano ndi munthu aliyense.

Kugula chinthu chenichenicho

Agogo athu anaidziwa kale njira iyi popanda kuitcha dzina. Ngati mukuopa kuti chimanga chidzadula mu Febuluwale, gulani matumba mu Meyi kapena Juni pamene chatsika, thirani mankhwala a anankafumbwe, ikani pa mathabwa. Ngati mukusungira kumanga, gulani malata ndi mafelemu a mazenera lero. Palibe chimene chingatsate mtengo wa malata bwino kuposa malata. Malire ake ndi akuti katundu amaonongeka ndipo sasanduka ndalama msanga: simenti ikagona miyezi ingapo pachinyezi imauma n'kukhala mwala, mbuzi zimadwala ndi kubedwa, ndipo puloti imatha kukhala ndi eni ake atatu, aliyense ndi kalata ya amfumu. Chaka cha zokolola zambiri chimanga chimathanso osakwera monga munayembekezera. Koma ngakhale mtengo utakukanani, nsima mudyabe.

Ngozi zina za bitikoyini zimene mzere wobiriwira suonetsa

Tinene kuti mtengo wakukomerani. Funso lotsala ndi lakuti bitikoyiniyo ili m'manja mwa ndani. Mukaisiya pa msika wa pa intaneti, mwabwereranso kudalira kampani, chinthu chomwe munkathawa. Msika wa Mt. Gox ku Japan unagwa mu 2014 utasowetsa mabitikoyini pafupifupi 850,000. Msika wina wotchedwa FTX unagwa mu Novembala 2022, anthu n'kudzuka m'mawa batani lotulutsira ndalama silikugwira. Mukaisunga nokha, chuma chonse chimakhala pa mawu 12 kapena 24 achinsinsi: mukawataya palibe ofesi yokadandaula, wina akawajambula ndi foni chuma chapita, ndipo mukamwalira osauza munthu, ana anu adzangomva mbiri. Banki ya Reserve inanena kale kuti ndalama zoterezi si ndalama zovomerezeka m'Malawi, ndiye mukaberedwa pogulitsana pa foni mulibe kolira.

Palinso anthu ovala dzina la bitikoyini. Mirror Trading International ya ku South Africa inkalonjeza phindu la mwezi ndi mwezi, n'kugwa kumapeto kwa 2020 ndi ndalama za anthu a m'mayiko ambiri. Kuwazindikira n'kosavuta mukakumbukira zomwe tanena pamwambapa: bitikoyini sibala. Aliyense wolonjeza 10 peresenti pa mwezi, kapena wokupatsani bonasi mukabweretsa anzanu a ku tchalitchi, akukulipirani ndi ndalama za amene walowa pambuyo panu.

Pali malo amodzi amene ndimaipatsa ulemu wake wonse. Pamene boma latseka maakaunti, kapena munthu akuthawa dziko lake ndi zovala za m'thupi zokha, mawu khumi ndi awiri osungidwa pamtima amaoloka malire pamene golide ndi madola zingalandidwe pa chipata. Limenelo ndi phindu lenileni, koma ndi chitetezo ku kulandidwa, osati ku mtengo wa mafuta ophikira.

Ndiye mungasankhe bwanji?

Ine ndimayamba ndi mafunso awiri: ndalamayi ndidzaifuna liti, ndipo ndidzagulira chiyani? Ya fizi ya Januwale, ya feteleza wa Okutobala, ya lendi ya shopu, imeneyo ili ndi tsiku lake, ndipo chinthu chimene chinagwa kuchoka pafupifupi madola 20,000 mu Disembala 2017 kufika 3,200 chaka chotsatira, n'kudzagwanso ndi theka m'masiku awiri mu Malichi 2020, sichisamala za tsiku lanu. Ndalama yotere ipite ku katundu weniweniyo ngati amasungika, apo ayi ku pepala la boma lothera pafupi ndi tsikulo. Ngati zimene mudzagule zimachokera kunja, monga zipangizo za galimoto kapena katundu wa shopu, muyeso wanu ndi dola, ndipo amene amalandira ndalama zakunja mwalamulo ali ndi mwayi wotsegula akaunti ya ndalama zakunja ku banki.

Bitikoyini imatsalira ndalama imene mungaiiwale zaka zisanu, imene itatsika ndi magawo atatu mwa anayi simungagulitse njinga kapena kukangana m'nyumba. Yesani motere musanagule: tengani nambala imene mukufuna kuika, igaweni kanayi, yang'anani gawo limodzilo, ndipo dzifunseni ngati mungapirire kuliona pa foni kwa chaka ndi theka. Mlamu wanga nditamuuza zimenezi anaseka, kenako anaulula kuti theka la mabitikoyini ake analigulitsa pakati pa 2022, pa madola 20,000, chifukwa galimoto inafuna injini ndipo mwininyumba sankamva za zaka zinayi. Chithunzi chobiriwira chija chinali cha theka lotsalalo.